Kubwerera kusukulu mutakula: mafunso ndi mayankho a amene adagwira ntchito kapena kulera ana zaka zambiri

Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimawamva kawirikawiri kuno ku Blantyre mayunivesite akangotulutsa zilengezo zoitana ophunzira. Amandifunsa ndi anthu a zaka makumi atatu, makumi anayi: akalaliki a m'masitolo a ku Limbe, aphunzitsi, amayi amene adasiya ntchito atabereka mwana wachiwiri, abambo amene akhala pampando umodzi zaka khumi kwinaku anyamata a madigiri akuwadumpha. Ndathandiza angapo kulemba mafomu ndi makalata, ndipo vuto lawo limakhala lofanana. Zimene adachita m'moyo n'zambiri, koma papepala sizioneka. Wosankha ophunzira sakudziwani, sadakuonenipo mukugwira ntchito, ndipo ali ndi mulu wa mafomu patebulo. Chimene sichinalembedwe ndi kutsimikiziridwa, kwa iye kulibe.

Kodi njira ya "machuwa" ndi chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi ya ana ongomaliza Folomu 4?

Ana ongolemba kumene MSCE amalowa m'mayunivesite a boma kudzera m'chisankho chimodzi chimene chimayendetsedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE, ndipo amapikisana pa mapointi. Muyezo wake wodziwika ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Njira ya akuluakulu ndi ina. Pachilengezo mudzaona mawu akuti Mature Entry, ife timangoti machuwa. Apa yunivesite iliyonse imaitana yokha, fomu yake ndi yake, tsiku lotsekera ndi lake. Kuyambira 2021, pamene yunivesite ya Malawi idagawidwa, imene tinkaitcha Poly ku Chichiri idakhala MUBAS, sukulu za udokotala ndi unamwino zidakhala KUHeS, ndipo dzina la UNIMA lidatsalira ku Zomba. Ndiye musadikire chilengezo chimodzi ngati kale. Palinso MUST ku Thyolo, yunivesite ya Katolika ku Nguludi, ndi zina zomwe si zaboma mumzinda momwe muno.

Zimene amafuna nthawi zambiri ndi zitatu: MSCE yokhala ndi makirediti osachepera anayi kuphatikiza Chingerezi, dipuloma yogwirizana ndi maphunziro amene mukufuna, ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo mukugwira ntchito yake. Maphunziro ena amawonjezera kirediti ya masamu kapena ya sayansi. Muyezo weniweni ndi umene walembedwa pachilengezo cha chaka chimenecho, pansi pa dzina la digiri imene mukufunayo, osati umene mnzanu adalowera zaka zisanu zapitazo.

Ndagwira ntchito zaka 15. Kodi zimenezi sizingalowe m'malo mwa kirediti imodzi imene ndikusowa?

Ayi. Ndiyankhe mosabisa chifukwa apa ndi pamene ndalama za fomu zimatayikira.

Mafomu amayamba asefedwa ndi munthu amene akungoyang'ana ngati zofunika zakwana. Ngati Chingerezi mudapeza 7, imeneyo ndi pasi, si kirediti, popeza makirediti amathera pa 6. Fomu yanu imaikidwa pambali kalata yanu yokoma ija isanawerengedwe n'komwe. Zaka za ntchito zimakukwezani pakati pa anthu amene adutsa kale pachipata chimenechi, sizitsegula chipatacho.

Chochita ndi kubwerezanso phunzirolo. MANEB imalola munthu kulemba MSCE ngati wapadera, ndipo masukulu ambiri a sekondale mumzinda muno ali ndi makalasi a masana ndi madzulo a anthu otere. Musanalembetse, werengani ngati yunivesite imene mukufuna imalola kuphatikiza zotsatira za maulendo angati, chifukwa ena amaika malire. Kubwerezaku kuli ndi phindu lina limene anthu salidziwa: satifiketi ya chaka chatha ndi umboni wakuti mutu ukugwirabe.

Ndiye ntchito imene amawerenga ndi iti?

Pali misampha iwiri.

Woyamba ndi wa nthawi. Zilengezo zambiri zimafuna zaka zimene mwagwira mutalandira kale dipuloma. Bambo wina adagwira ntchito yosunga katundu zaka 12, dipuloma n'kuitenga chaka chatha chomwechi. Pa fomu adalemba monyadira kuti zaka 12, koma kwa wosefa uja zidali miyezi khumi basi. Munthu wotere adikire chaka china, kapena afunse ku ofesi ya kaundula wa ophunzira asanalipire ngati zaka za m'mbuyozo angaziganizire.

Wachiwiri ndi wa mtundu wa ntchito. Dzina la udindo silinena zambiri. "Kalaliki" akhoza kukhala munthu wongolandira alendo, akhozanso kukhala amene amalemba mabuku onse a ndalama. Ngati mukufuna digiri ya akawunti, musalembe dzina la udindo lokha. Lembani zimene manja anu ankachita: kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, kufananiza buku la sitolo ndi sitetimenti ya ku banki pakutha pa mwezi, kukonza malipiro a antchito, kuwerenga katundu wotsala. Wowerenga amene amaphunzitsa akawunti akaona zimenezi amadziwa kuti munthuyu adaigwiradi ntchitoyo.

Onetsetsaninso kuti sukulu imene idakupatsani dipuloma ndi yovomerezeka. NCHE imatulutsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo ndi yomweyo imene imaunika mapepala ochokera kunja kwa dziko.

Ine ndidasiya ntchito n'kukhala pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri ndikulera ana. Pa CV pamenepo ndilembepo chiyani? Kapena ndingodumpha?

Musadumphe, mayi. CV imene ikuchoka pa 2014 n'kufika pa 2021 popanda mawu imamusiya wowerenga akudzifunsa yekha, ndipo munthu akamadziyankha yekha sayankha zokukomerani: mwina adachotsedwa ntchito, mwina adali ndi mlandu. Mzere umodzi woona umathetsa zonsezi.

Nditenge chitsanzo cha mayi wina wa ku Chilomoni, wa zaka 38, amene tidakhala naye pansi. MSCE adalemba mu 2005, makirediti asanu, Chingerezi ndi masamu zilimo. Dipuloma ya za bizinesi adaitenga mu 2009. Kuyambira 2010 mpaka 2014 adali kalaliki wa ndalama pa sitolo ina yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Kenako ana atatu motsatizana, wachiwiri wodwaladwala, ntchito n'kuisiya. Ankafuna digiri ya akawunti. Pa CV yake yoyamba, zaka zonse kuchokera 2014 adazilemba ndi mawu awiri: mayi wapakhomo.

Ndidamufunsa kuti, "Mayi, pa zaka zimenezi simudagwireko ndalama za anthu ena?" Adaseka, n'kunena kuti, "Aa, koma za banki mkhonde zomwezi, achimwene." Titafukula, zidapezeka kuti kuyambira 2016 ndiye msungichuma wa gulu la amayi 22. Amalemba masheya a aliyense sabata ndi sabata, amawerengera chiwongoladzanja cha ngongole, amatsata amene achedwa kubweza, ndipo mu Disembala ndiye amawerengera kuti aliyense alandira zingati pogawana. Makope onse a zaka zimenezi ali nawo m'chikwama. Kuyambira 2019 amawetanso nkhuku za nyama, 200 ulendo umodzi, n'kugulitsa zikakwana masabata asanu ndi limodzi, ndipo ali ndi kope la mtengo wa anapiye, chakudya, katemera, zakufa, ndi phindu la ulendo uliwonse. Iye zonsezi ankaziona ngati zongodzithandizira pakhomo.

Pa CV yatsopano tidagawa zakazo motere. Mzere woyamba: 2014 mpaka 2021, kulera ana atatu nthawi zonse. Palibe kupepesa, palibe kufotokoza za matenda a mwana. Mzere wachiwiri: 2016 mpaka lero, msungichuma wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la anthu 22, ndi ntchito zake zinayi zija pansi pake. Mzere wachitatu: 2019 mpaka lero, mwini bizinesi ya nkhuku, kuchuluka kwake, ndi mabuku amene amasunga.

Taonani chimene chidachitika apa. Zaka ziwiri zimene chilengezo chimafuna zidakwanira kale ndi ntchito ya ku Limbe ija, popeza idabwera dipuloma itatengedwa. Banki mkhonde ndi nkhuku sizidalowe m'malo mwa ntchito yolembedwa, ndipo sitidayerekeze kuzitcha choncho. Ntchito yake idali kuyankha funso lina limene wosankha amakhala nalo mumtima: munthuyu pa zaka khumi zapitazi wakhala akugwirabe manambala, kapena zonse adaiwala?

Nanga kulera anako pakokha si luso? Ndamva kuti ndizilemba kuti ndidaphunzira kupirira ndi kusamala nthawi.

Ndi luso ndithu, amene adalerapo akudziwa. Koma mawu ngati kupirira, khama, kusamala nthawi, amalemba aliyense, ngakhale mwana wa zaka 19 amene sadaphikepo phala la khanda. Chifukwa chakuti aliyense amawalemba, salemera kanthu.

Kulera kumakhala umboni wamphamvu pamene kukukhudza maphunziro amene mukufuna. Ngati mukufuna za maphunziro a ana aang'ono ndipo mudathandiza zaka zitatu pa sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu, lembani zimenezo, ndi chiwerengero cha ana. Ngati mudakhala m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa pulayimale, n'kuyendetsa nawo ntchito yomanga chimbudzi kapena mpanda, nenani udindo wanu ndi ndalama zimene zidadutsa m'manja mwanu. Ngati mudasamala kholo lodwala shuga kwa zaka zinayi ndipo mukufuna za umoyo, chiganizo chimodzi chokwanira chikhoza kufotokoza kumene chidwi chanu chidachokera. Koma ngati mukufuna zomangamanga, kulera kungokhala mzere umodzi wotseka mpata wa zaka, basi. Musakukakamize kunena zimene sikunena.

Kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowa ndiilembe bwanji?

Si mafomu onse amene amafuna kalata. Ena amangopereka mizere ingapo yolembapo ntchito zanu. Ngati aifuna, tsamba limodzi lakwana. Idzalembedwa m'Chingerezi, koma ndimalangiza kuti muyambe mwaiganiza m'Chichewa, mukuuza munthu pakamwa, chifukwa anthu akangoyamba ndi Chingerezi amathamangira mawu akuluakulu opanda kanthu mkati.

Kalata yoyamba ya mayi wa ku Chilomoni uja, tikaibweza m'Chichewa, inkayamba motere: "Ngakhale ndine wamkulu ndipo ndidasiya sukulu kalekale, ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizire. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikulakalaka maphunziro, koma mavuto a m'banja adandilepheretsa." Ndime yonse yoyamba idathera pa zimene alibe. Wowerenga akafika pamenepa waphunzira zinthu ziwiri zokha, kuti munthuyu ndi wamkulu ndiponso kuti ali ndi mavuto.

Yachiwiri idayamba chonchi: "Ndili ndi dipuloma ya za bizinesi ya 2009 ndipo ndidagwira ntchito ya ukalaliki wa ndalama zaka zinayi. Kuyambira 2016 ndimasunga mabuku a gulu la anthu 22 losunga ndi kubwereketsa ndalama, komanso a bizinesi yanga ya nkhuku."

Ndime yachiwiri ndi imene ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi pamene munthu wamkulu amaposera mwana wochokera ku Folomu 4. Mwana uja sadziwa chimene sadziwa. Inu mukudziwa pamene nzeru zanu zimathera, chifukwa mudagundapo khoma. Mayi uja adalemba kuti amatha kulemba zolowa ndi zotuluka, koma atafuna kubwereka ndalama zokulitsira khola adafunsidwa malipoti a chuma a chaka chonse ndipo sadathe kuwakonza, komanso kuti nkhani za msonkho amadalira kufunsa ena. Kenako adatchula maphunziro awiri a m'digiriyo amene amaphunzitsa zimenezi. Mayina ake adawapeza pa ndondomeko ya maphunziro ya yunivesiteyo. Kuvomera malire kotereku sikukuchepetsani. Kumasonyeza kuti mwasankha digiriyi mukudziwa za mkati mwake.

Ndime yachitatu, yaifupi: zaka za kulera m'chiganizo chimodzi, kuti wamng'ono tsopano ali ku pulayimale, ndi mmene wakonzera nthawi ndi fizi. Ndime yomaliza, chimene adzachite ndi digiriyo, chotheka ndi chooneka. Zakuti "ndidzatukula dziko lathu la Malawi" zisiyeni.

Zimenezi sizikhala ngati kudzitama? Ife tidaleredwa kuti munthu sadziyamikira yekha.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Komabe nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo njira yake ilipo: musadzipatse maina, nenani zochitika. "Ndine wokhulupirika kwambiri" ndi kudzitama. "Gulu landisankha kukhala msungichuma zaka zisanu ndi zitatu motsatizana" ndi nkhani chabe, imene wina akhoza kukafunsa. Wowerenga adzafika yekha pa mawu akuti wokhulupirika, ndipo akafika yekha amawakhulupirira.

Mbali inayo iliponso, makamaka kwa abambo amene akhala mabwana. Kalata yonena kuti "zonse ndikuzidziwa kale, ndikungofuna pepala" imamuuza mphunzitsi kuti m'kalasi mudzavuta. Mwina n'zoona kuti mukufuna pepala kuti akukwezeni, koma pezani chinthu chimodzi chimene simukuchidziwadi, muchitchule.

Kumene ndinkagwira ntchito kudatsekedwa kalekale. Umboni ndiutenga kuti?

Izi n'zimene zidamuchitikiranso mayi uja: sitolo ya ku Limbe idatha, eni ake adachoka. Fufuzani m'masutikesi. Kalata yokulembani ntchito imasonyeza tsiku loyamba ndi udindo. Mapepala a malipiro, ngakhale awiri okha, loyambirira ndi lomalizira, amasonyeza kutalika kwa nthawi. Sitetimenti ya ku banki imene malipiro ankalowera imachitanso chimodzimodzi. Ndipo kuyambira 2011, pamene lamulo la penshoni lidayamba kugwira ntchito, olemba anthu ntchito ambiri ankadula ndalama za penshoni. Ngati inu ankakudulani, kampani yosunga penshoniyo ili ndi dzina la bwana wanu ndi miyezi imene ndalama zinkalowa, ndipo mukhoza kupempha sitetimenti.

Kenako funani munthu amene ankakuyang'anirani. Ngakhale ali kwina tsopano, akhoza kulemba kalata yonena kuti iye adali ndani pa nthawiyo, inu mudali ndani, kuyambira liti mpaka liti, ndi nambala yake ya foni. Mayi uja adapeza amene adali akawuntanti wa sitoloyo kudzera mwa mnzake wa kutchalitchi. Zidatenga masabata atatu, n'chifukwa chake zinthu izi muziyambe chilengezo chisanatuluke.

Chimene simuyenera kuchita ndi kugula kalata kapena kuwonjezera zaka. Foni imodzi yokha imaulula, ndipo chinyengo chikadziwika mutalowa kale, malo amatha, fizi n'kupita.

Ndani woyenera kundilembera kalata ya umboni? Abusa athu angathe?

Funso ndi lakuti munthuyo adakuonani mukuchita chiyani. Abusa amene amangokuonani Lamlungu adzalemba kuti ndinu wa makhalidwe abwino, zimene sizithandiza kwenikweni. Koma ngati ndinu msungichuma wa Mvano kapena wa komiti ya zomangamanga ndipo abusawo amalandira malipoti anu, akhoza kulemba za ntchitoyo, ndipo kalata yotere ndi yabwino. Wapampando wa banki mkhonde, mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene muli m'komiti, kapena kasitomala wamkulu wa bizinesi yanu, onsewa ndi mboni zenizeni.

Ngati fomu ikufuna mboni ya zamaphunziro, pitani kumene mudatenga dipuloma. Mphunzitsi mwina sakukumbukirani, ndiye mutengereni CV ndi zotsatira zanu kuti akhale ndi polembera. Aliyense amene mwamupempha, muuzeni digiri imene mukufuna ndi zinthu ziwiri zimene mukufuna atsimikize. Kalata ikhale ndi deti, siginecha, foni, ndi chidindo ngati chilipo. Wachibale ayi, ngakhale atakhala ndi udindo waukulu.

Satifiketi yanga ya MSCE ili ndi dzina la bambo anga, chitupa cha unzika chili ndi dzina la amuna anga. Zivuta?

Zivuta ngati simunena. Wosefa akaona maina awiri alibe njira yodziwira kuti ndi munthu mmodzi. Phatikizani satifiketi ya ukwati, kapena kalata yolumbira yochitidwa pamaso pa loya kapena majisitireti, yonena kuti maina onsewa ndi anu. Chimodzimodzi ngati kalembedwe ka dzina kapena tsiku lobadwa zikusiyana pa mapepala. Pa fomu lembani dzina mmene akufunira, koma la pa satifiketi lionekere penapake, chifukwa ndi limene adzafufuzire ku MANEB.

Ngati satifiketi idatayika kapena idadyedwa ndi chiswe, MANEB ku Zomba imapereka chikalata chotsimikiza zotsatira zanu. Mudzafunika chaka chimene mudalemba, sukulu, ndi nambala ya mayeso ngati mukuikumbukira.

Pa dipuloma musatumize satifiketi yokha. Pemphani thiransikiripiti, pepala losonyeza phunziro lililonse ndi magiredi ake. Ndi limene amaonera ngati muyambire chaka chachiwiri kapena chachitatu m'malo mwa choyamba, ndipo kusiyana kwake ndi fizi ya chaka chathunthu kapena zaka ziwiri. Makope onse akhale otsimikizidwa ndi chidindo monga chilengezo chanenera. Ngati mukutumiza pa intaneti, pitani nawo akakusikanireni bwino. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa pamphasa, chidindo chosawerengeka, chagwetsa anthu amene adali ndi zonse zoyenera.

Akandifunsa kuti ndidzakwanitsa bwanji sukulu, ntchito ndi ana, ndiyankhe chiyani?

Si maphunziro onse amene amaitana anthu kukafunsidwa pamaso, koma funsoli limakhalapo ngakhale silinatchulidwe, chifukwa akuluakulu ambiri amene amasiyira panjira sasiya kaamba ka kulephera mayeso. Amasiya chifukwa cha fizi ndi nthawi. "Mulungu adzathandiza" ndi chikhulupiriro chabwino, koma wofunsayo akufuna kumva dongosolo.

Yankho la mayi uja lidali la zinthu zogwirika. Adasankha makalasi a Loweruka ndi Lamlungu. Ana masiku amenewo amakhala ndi mng'ono wake amene amakhala naye pafupi. Nkhuku m'mawa amaziona mnyamata wantchito. Fizi ya chaka choyamba idzachokera ku masheya ake a mu Disembala ndi maulendo awiri a nkhuku. Kuchokera ku Chilomoni kukafika ku Chichiri ndi maminibasi awiri, ndipo ndalama yake adaiwerengera.

Dziwani kuti fizi ya machuwa m'mayunivesite a boma nthawi zambiri imakhala yokwera kuposa ya ana osankhidwa kudzera ku NCHE, ndipo malo ogona sapereka kawirikawiri. Werengerani zaka zonse, osati teremu yoyamba yokha. Ngati muli pantchito, kambiranani ndi abwana anu msanga. Kalata yawo yonena kuti akudziwa ndipo adzakumasulani nthawi ya mayeso imalemera, ndipo mafomu ena amachita kuifuna. Ndaonapo munthu akubisira abwana mpaka sabata ya mayeso, kenako n'kusankha pakati pa ntchito ndi pepala.

Kunyumba nakonso mukambirane zenizeni. Amuna kapena akazi anu akavomera ndi pakamwa pokha, osadziwa kuti Loweruka lililonse kwa zaka zitatu simudzapezeka pa zinkhoswe ndi maukwati, mkangano udzabuka pakati pa chaka.

Ndidasiya sukulu kalekale, kompyuta sindiidziwa bwino. Ndibise?

Musabise, ndipo musalembe kuti mumaidziwa pamene simuidziwa. Konzani. Masiku ano kulembetsa, kulandira manotsi, kutumiza ntchito ndi kuona zotsatira zimadutsa pa intaneti. Kosi ya miyezi iwiri kapena itatu ya Word, Excel ndi imelo ikukwanirani poyambira, ndipo kapepala kake kamakhala chinthu chatsopano kwambiri pa CV yanu. Mayi uja adasamutsa kope la banki mkhonde kuliika mu Excel, ndipo chidakhala chiganizo china m'kalata yake.

Tsegulani imelo yanuyanu, ya dzina lanu, ndipo muziiona. Ambiri amalemba imelo ya mwana wawo kapena ya mnyamata wa pa kafe amene adawathandiza kudzaza fomu, uthenga wowaitana n'kukafikira kumeneko.

Ndidayesa chaka chatha koma dzina langa silidatuluke. Ndidziwa bwanji chimene chidalakwika?

Tengani chilengezo cha chaka chathacho ndi kope la zonse zimene mudatumiza, muziike pamodzi patebulo. Yambani ndi chipata: makirediti adakwana, ndi maphunziro ake enieni amene ankafuna? Dipuloma idali yogwirizana ndi digiriyo, yochokera ku sukulu yovomerezeka? Zaka za ntchito, mukawerenga kuyambira tsiku la pa dipuloma, zidafika? Kenako mapepala: thiransikiripiti idalipo, makope adali ndi chidindo, silipi ya ku banki ya ndalama ya fomu mudaiphatikiza, maina ankagwirizana? Mwa anthu amene ndawathandiza kufufuza chonchi, ambiri vuto tidalipeza pamenepa, kalata isanafikidwe n'komwe.

Ngati zonsezi zili bwino, ndiye kuti mudadutsa pachipata koma malo adachepa, ndipo apa ndi pamene kalembedwe ka zaka zanu kamagwira ntchito. Perekani CV yanu kwa munthu amene sakudziwani bwino, aiwerenge mphindi ziwiri, kenako akuuzeni zimene mwakhala mukuchita chaka ndi chaka kuyambira pamene mudatenga dipuloma. Pamene wakakamira kapena wayamba kulota, pamenepo ndi pofunika kulembanso.

Mukhozanso kupita ku ofesi ya kaundula wa ophunzira kukafunsa mwaulemu. Sikuti nthawi zonse adzakuuzani chifukwa chake, koma funso lolunjika, monga lakuti dipuloma yakutiyakuti amailandira pa digiri imeneyi kapena ayi, amayankha. Pitani ndi makope a mapepala anu onse m'manja, ndipo pitani chilengezo chatsopano chisanatuluke, pamene pa ofesipo palibe mzere.